Foni ikatha moto muli paulendo

Amene anayendapo pa basi kuchoka ku Mzuzu kupita ku Blantyre amadziwa zomwe zimachitika basi ikadutsa Ntcheu. Mafoni amayamba kulira kuti moto watsala pang'ono, ndipo anthu amayamba kuyang'anayang'ana poti abayepo chingwe. Wina amafunsa kondakitala ngati kabowo ka pansi pa mpando kamagwira ntchito, wina amapempha pawabanki kwa munthu amene sanalankhulane naye chiyambire ulendo. Mukatsika pa Wenela moto utatsala 3 peresenti, m'bale wodzakutengani asakuoneka, simukhala ndi nthawi yofunsa kuti chingwe chomwe mwapatsidwacho chikulowera kuti mbali inayo. Bandulo nayo ikakhala itatha, wayifayi iliyonse yopanda pasiwedi mumangolumikizako.

Kwa zaka tsopano pakhala pakuzungulira mauthenga m'magulu a WhatsApp ochenjeza kuti mukatchaja foni pamalo a aliyense, akuba akopera zonse za m'foni mwanu m'kanthawi kochepa. Uthengawu uli ndi choonadi pang'ono, koma umatiloza kolakwika. Ndikuona kuti kwa ife kuno, chingwe ndi choopsa chaching'ono pa zitatu, wayifayi ndi chapakati, ndipo chachikulu, chomwe mauthenga ochokera kunja satchula n'komwe, ndi foni imene yachoka m'manja mwa mwini wake.

Zomwe zili m'chingwe

Mukasenda chingwe chakale cha USB, mupeza timawaya tinayi. Tiwiri timatenga magetsi, mavoti 5, ndipo tiwiri tinato timatenga uthenga, monga zithunzi, nyimbo ndi mafayilo. N'chifukwa chake chingwe chomwecho chimene mumatchajira ndi chimene anyamata obena nyimbo amagwiritsa ntchito kukuikirani mafilimu kuchokera pa kompyuta yawo. Zingwe zatsopano za USB-C zili ndi tizitsulo tambiri kukamwa kwake, koma nazonso njira ya magetsi ndi njira ya uthenga zili m'chingwe chimodzi.

Soketi ya pakhoma, ija ya mabowo atatu, imapereka magetsi okha ndipo singatenge chilichonse m'foni. Mukabayapo mutu wa tchaja wanu ndi chingwe chanu, palibe chodetsa nkhawa. Kabowo ka USB ka pabwalo la ndege, mu basi kapena m'chipinda cha malo ogona alendo ndi kena. Simuona chomwe chili kuseri kwake. Nthawi zambiri kumakhala kachipangizo kongotsitsa mphamvu ya magetsi basi, koma kukhoza kukhalanso kakompyuta kakang'ono ngati bokosi la machesi.

Nkhani imeneyi inamveka koyamba mu 2011 ku msonkhano wa akatswiri a chitetezo cha makompyuta wotchedwa DEF CON ku Las Vegas, m'dziko la America. Akatswiri ena anaika malo otchajira aulere pofuna kuona ngati anzawo angakodwe, ndipo anthu oposa 300 anabayapo mafoni awo, anthu oti ntchito yawo ndi yomweyi. Mtolankhani Brian Krebs ndi amene anafalitsa nkhaniyo. Nthawi imeneyo chiopsezocho chinali chenicheni, chifukwa mafoni ambiri ankangotsegula zithunzi kwa kompyuta iliyonse imene awalumikizako, osafunsa mwini wake. Mu 2013 ofufuza a ku Georgia Tech anaonetsa tchaja yachinyengo yomwe inkatha kulowetsa pulogalamu mu iPhone mwakachetechete, ndipo kuyambira pa iOS 7 kampani ya Apple inaika funso lija limene limatuluka mukalumikiza foni ku kompyuta yachilendo: `Trust This Computer?`. Mafoni a Android nawo anasintha. Masiku ano mukabaya chingwe, foni imangolandira moto mpaka inuyo mutasankha `File transfer`.

Mu Epulo 2023 ofesi ya FBI ya ku Denver inabwereza chenjezo lakale lija, ndipo nyuzipepala za dziko lonse lapansi zinalitola ngati nkhani yatsopano. Chomwe sichinamveke kwambiri n'choti bungwe loyang'anira za mauthenga ku America, FCC, linanena kuti silikudziwa munthu aliyense amene zinatsimikizika kuti anaberedwa mwanjira imeneyi. Izi sizikutanthauza kuti njirayo inatsekekeratu. Mu 2025 ofufuza a pa yunivesite ya zaukadaulo ya ku Graz ku Austria anaonetsa kuti tchaja yachinyengo ikhoza kudzionetsa ngati kiyibodi n'kudziyankhira yokha funso lija, mwini foni asanakhudze chilichonse, makamaka foni ikakhala yosakiya pamene ili pamoto. Apple ndi Google anakonza vutoli m'mapulogalamu awo atsopano, kuti foni izipempha PIN kapena chala isanatsegule njira ya uthenga. Apa ndi pamene nkhaniyi imatikhudza, chifukwa mafoni ambiri amene tili nawo m'matumba ndi ogula m'manja kapena otsika mtengo, amene analeka kalekale kulandira zokonza zotere.

Choti muchite si chovuta. Yendani ndi mutu wa tchaja wanu, muzifuna soketi osati kabowo ka USB. Mukakakamizika kugwiritsa ntchito kabowoko, kiyani foni kapena muizimitse, ndipo ikakufunsani funso lililonse lokhudza mafayilo kapena kukhulupirira chipangizo, zulani chingwe nthawi yomweyo. Tchaja yeniyeni ilibe chifukwa chokufunsani kanthu. Pawabanki yanu mukhoza kuitchaja paliponse popanda mantha, popeza mulibe chithunzi kapena nambala yoti munthu abe, kenako inuyo n'kutchajira foni kuchokera m'menemo. Pali chinthu chimodzi chomwe ambiri sitidziwa kuti chili chotsegula m'mafoni athu. Okonza mafoni ndi ofulasha amakonda kuyatsa `USB debugging` pansi pa `Developer options`, n'kuiwala kuzimitsa. Chimenechi chimalola kompyuta kulamula foni kudzera pachingwe. Ngati foni yanu inapitako kwa okonza, kaoneni, ndipo mukachipeza choyaka, chizimitseni.

Foni pa shelefu ya eni ake

Ku Ulaya munthu akamatchaja pagulu amakhala pambali pa foni yake. Kwathu kuno, kumene nyumba zambiri zilibe magetsi a ESCOM ndipo zomwe zili nawo zimazimiridwa, kutchaja pagulu ndi kusiya foni kometera, ku vidiyo sho kapena pa kagolosale kokhala ndi sola, n'kupita kumsika, kuchigayo kapena kumaliro kwa maola atatu. Mafoni makumi awiri amakhala atandandalika pa thabwa limodzi. Anthu ambiri ochita bizinesi imeneyi ndi okhulupirika, ndipo popanda iwo midzi yambiri ikanakhala yopanda foni yoyaka. Koma mwini malo sakhala pomwepo tsiku lonse. Amasiyira mwana, amatembenuka kumeta kasitomala, ndipo pa benchi pamakhala anthu ocheza osadziwika bwino.

Zinawachitikira alamu anga, mayi wogulitsa kaunjika, pa tsiku la msika pa malo ena a zamalonda m'chigawo chapakati. Anasiya foni m'mawa. Pamalopo panali kope lolembamo dzina ndi nambala ya foni ya aliyense wosiya, kuti pasakhale mkangano potenga, ndipo kopelo linali pa kauntala poti aliyense n'kuliwerenga. Foni anaisiya yoyaka koma yokiya ndi PIN, ndiye mumtima mwawo anati palibe angaitsegule. Ndipo zoonadi palibe anaitsegula.

Masana atabwerera anatenga foni yodzaza bwino, nalipira. Madzulo potsegula WhatsApp anapeza uthenga woti nambala yawo yalembetsedwa pa foni ina. Iwo anayesa ndi vuto la netiweki, nagona. M'mawa mwake mng'ono wawo wa ku Johannesburg anaimba: "Achemwali, mwana ali bwanji? Ndalama ija mwailandira?" Mwana anali bwinobwino, akusewera panja. Usiku wonse munthu wina anali akulembera abale ndi amayi a banki m'khonde m'dzina lawo, kunena kuti mwana wagonekedwa m'chipatala, foni yawo ya ndalama yavuta, ndiye atumize pa nambala ina. Anthu awiri anatumiza.

Titakhala pansi n'kuyang'ana m'mauthenga a SMS, tinapeza uthenga wochokera ku WhatsApp wokhala ndi manambala asanu ndi limodzi, umene unafika nthawi yomwe foni inali pa thabwa lija. Zinayenda chonchi. Munthuyo anawerenga nambala m'kope, naiika mu WhatsApp pa foni yake. WhatsApp inatumiza kodi yotsimikizira ku simu khadi ya alamu anga. Foni yawo, ngakhale inali yokiya, inali yotchera kuti uthenga uliwonse uzionekera pa sikirini ukangofika. Wakubayo anangosuzumira, n'kuwerenga manambalawo, n'kuwalemba. Sanafunike kompyuta kapena luso lililonse, mwinanso foniyo sanaigwire n'komwe. Mauthenga akale sanawaone, chifukwa amenewo amakhala m'foni ya mwini wake, koma magulu onse anamutsegukira pamodzi ndi manambala a anthu a m'magulumo, ndipo zimenezo zinamukwanira. Sitinadziwe kuti anali ndani, ndipo sindikunena kuti anali mwini malo.

Kubweza akauntiyo kunali kosavuta kuposa momwe tinkaopera. Tinalembetsanso nambala pa foni yawo, kodi yatsopano inabwera, ndipo itangolowa, wakubayo anatulutsidwa. Tinachita mwayi kuti anali asanaike PIN yakeyake. Akanatero, tikanadikira mpaka masiku asanu ndi awiri tisanalowenso. Ndalama za anthu awiri aja sizinabwerere, ndipo alamu anga anatha sabata akuimbira anthu mmodzimmodzi kupepesa mlandu womwe sanapalamule.

Zinthu zitatu zikanatseka njirayi, ndipo chilichonse pachokha chikanakwanira. Choyamba ndi kuzimitsa foni musanaipereke. Foni yozima silandira uthenga, imadzaza msanga, ndipo wina akaiyatsa imafuna PIN isanatsegule chilichonse. Chachiwiri ndi kubisa mauthenga pa sikirini yokiya. Pa mafoni ambiri a Android zimenezi zili mu `Settings`, pansi pa `Notifications` kapena `Lock screen`, pomwe mumasankha kuti zam'kati mwa uthenga zisaoneke. Chachitatu ndi `Two-step verification` ya mu WhatsApp, yopezeka pansi pa `Account`, imene imakulolani kuika PIN yanu ya manambala asanu ndi limodzi kuti kodi ya pa SMS yokha isakwanire kulanda akaunti.

Koma kuzimitsa sikuteteza simu khadi ndi memori khadi, zomwe munthu angathe kuzisolola ndi kaphini n'kuzibwezera pasanathe mphindi zisanu. Memori khadi nthawi zambiri sikhala ndi loko iliyonse, ndiye zithunzi zanu zonse, kuphatikizapo chithunzi cha chiphaso cha unzika chija munajambula potumiza kwinakwake, zimatseguka pa foni iliyonse. Simu nayo ndiyo imanyamula Airtel Money kapena Mpamba. Woiika m'foni ina amangotsala ndi PIN yokha kuti afike pa ndalama, ndipo ngati PIN yanu ndi chaka chanu chobadwa kapena 1234, sizimutengera nthawi kuiganiza. Ine ndimachotsa zonse ziwiri n'kuziika m'thumba la malaya ndisanapereke foni. Amene akuona kuti n'zotopetsa aike PIN pa simu yeniyeniyo, kuti ikalowa m'foni ina izifunsa kaye. Chenjerani poika, chifukwa mukalakwitsa katatu simu imatsekeka mpaka mutalowetsa nambala ya PUK, ija imalembedwa pa khadi lalikulu lomwe munathyolamo simu.

Wayifayi yopanda mwini

Kale wayifayi yaulere inali yoopsa kwenikweni. Masamba ambiri a pa intaneti ankatumiza uthenga poyera, moti aliyense wokhala pa netiweki yomweyo ankatha kuumvetsera. Mu 2010 katswiri wina, Eric Butler, anatulutsa kapulogalamu kotchedwa Firesheep kosonyeza kuti munthu wamba wokhala nanu mu lesitilanti angalowe mu Facebook yanu pongodina kamodzi. Manyazi amenewo anathandiza kukankha makampani kuti ayambe kubisa uthenga ndi njira ya HTTPS, ndipo lero masamba ochuluka, mapulogalamu a mabanki ndi WhatsApp amatumiza zinthu zobisika. Mwini wayifayi angathe kudziwa kuti mwapita pa tsamba lakuti, koma saona pasiwedi yanu kapena zimene mwalemba.

Popeza kumvetsera kunavuta, akuba anasintha njira, ndipo tsopano amafuna kuti muwapatse nokha. Dzina la wayifayi silitsimikizira chilichonse. Aliyense wokhala ndi foni angayatse hotisipoti n'kuitcha dzina la hotela, la basi kapena la chipatala. Mukalumikiza, pamatuluka tsamba looneka bwino lokuuzani kuti mulowe ndi Facebook kapena imelo yanu kuti mupeze intaneti yaulere. Zimene mwalembapo zimapita kwa mwini chipangizocho.

Izi zinachitikadi ku Australia. Mu Epulo 2024 ogwira ntchito m'ndege ina ya m'dziko momwemo anaona wayifayi yachilendo yofanana dzina ndi ya kampani yawo, nadziwitsa apolisi. Mwezi womwewo pa bwalo la ndege la Perth, apolisi anapeza m'chikwama cha bambo wina kachipangizo kofalitsira wayifayi, laputopu ndi foni. Kafukufuku anasonyeza kuti ankatchera misampha yotere pa mabwalo a ndege a Perth, Melbourne ndi Adelaide komanso m'ndege, ndipo ndi mapasiwedi omwe ankatola ankalowa m'maakaunti a amayi n'kuba zithunzi zawo zachinsinsi. Mu Novembala 2025 khoti linamulamula kukhala kundende zaka zoposa zisanu ndi ziwiri. Anthu amene anawaberawo foni zawo sizinathyoledwe, iwo eni ndi amene analemba mapasiwedi pa tsamba lake.

Kuno kwathu wayifayi yaulere ikuchuluka, m'mahotela, m'masukulu a ukachenjede, ngakhalenso m'malo ena a boma omwe analumikizidwa kudzera mu pulojekiti ya Digital Malawi, ndipo ndi mitengo ya bandulo palibe angaimbe mlandu wophunzira amene akuithamangira. Sindikuuzani kuti muisiye. Funsani wogwira ntchito pamalopo dzina lenileni la netiweki yawo, ndipo mukaona mayina awiri ofanana, limodzi lokhala ndi loko lina lopanda, musathamangire losavutalo. Tsamba lolowera likhoza kukufunsani nambala ya chipinda, kodi ya pa lisiti kapena kuti muvomereze malamulo ake. Zimenezo n'zachizolowezi. Likapempha pasiwedi ya imelo, ya Facebook, PIN ya ndalama kapena kodi yomwe yangofika pa SMS, tulukanipo. Likakuuzani kuti muike kaye pulogalamu, fayilo yothera ndi `.apk` kapena satifiketi kuti intaneti iyende, limenelo ndi loopsa kuposa onse, chifukwa chimene mwaikacho chimatsala m'foni ngakhale mutachoka pamalopo.

Phunziraninso kuwerenga adilesi ya pamwamba pa tsamba. Mwini tsamba amadziwika ndi mawu omalizira, musanafike pa kamzere koyamba kopendekeka. Nachi chitsanzo chongopeka:

```
facebook.com/login
facebook.com.wifi-yaulere.example/login
```

Yoyambayo ndi ya Facebook. Yachiwiriyo ndi ya mwini `wifi-yaulere.example`, ndipo dzina la Facebook langoikidwa kutsogolo kuti likupusitseni. Kachizindikiro ka loko sikangakupulumutseni pano, poti tsamba la wakuba nalonso likhoza kukhala nako. Kamangotanthauza kuti palibe wina akumvetsera pakati pa inu ndi tsambalo, osati kuti mwini tsambalo ndi munthu wabwino. Ndipo foni ikakuchenjezani kuti `Your connection is not private` pa tsamba lomwe mumalitsegula tsiku ndi tsiku popanda vuto, musadine kopitirira. Nthawi zina chimayambitsa ndi tsiku ndi nthawi zolakwika m'foni mwanu, kapena tsamba lolowera lomwe simunalimalize, koma mukakhala pa wayifayi yachilendo zingatanthauzenso kuti wina waima pakati.

Ambiri amafunsa za VPN. Imathandiza kubisa kwa mwini wayifayi masamba omwe mukupitako, koma singakuletseni kulemba pasiwedi pa tsamba labodza, ndipo zaulere zambiri zimangosamutsa chidaliro chanu kuchoka kwa mlendo mmodzi kupita kwa mlendo wina. Pa za ndalama njira yachidule ndi kuzimitsa wayifayi n'kugwiritsa ntchito bandulo yanu kwa mphindi ziwirizo. Ndalama zotumizidwa pa `*211#` kapena `*444#` sizidutsa pa wayifayi n'komwe, zimayenda pa netiweki ya kampani ya foni, moti pamenepo woti mumuope ndi amene waima kumbuyo kwanu akuyang'ana zala zanu.

Chomaliza ndi chimene foni imachita yokha. Ikalumikizidwa kamodzi ku netiweki yopanda pasiwedi, imasunga dzinalo, ndipo ikadzalimvanso kwina kulikonse imalumikiza osakufunsani, ngakhale ili m'thumba. Chipangizo cha wakuba chimangofunika kubwereka dzina lotchuka. Mukachoka pa hotela kapena pabwalo la ndege, dinani dzina la netiwekiyo n'kusankha `Forget`, kapena muzimitse `Auto-connect`.

Ngati mwazindikira mochedwa kuti munalemba pasiwedi pamalo okayikitsa, musadikire kuti muone chomwe chichitike. Chokani pa wayifayiyo, yatsani bandulo, sinthani pasiwedi ya imelo poyamba, chifukwa ndi imene imatsegula maakaunti ena onse, kenako ya Facebook ndi kwina kulikonse komwe munagwiritsa ntchito pasiwedi yomweyo. Mu WhatsApp onani `Linked devices` n'kuchotsa chipangizo chilichonse chomwe simukuchidziwa. Ngati ndalama zakhudzidwa, imbirani kampani ya foni kapena banki tsiku lomwelo, ndipo kanenani kupolisi. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kulowa m'foni kapena m'kompyuta ya munthu popanda chilolezo. Musaiwale kuimbira abale kuwauza kuti uthenga uliwonse wopempha ndalama m'dzina lanu ayambe autsimikiza ndi mawu anu.

Alamu anga amatchajabe pa msika womwewo, poti kwina kulibe. Masiku ano amazimitsa foni ali panja, simu amaimanga pa mfundo ya chitenje, ndipo m'kope muja amalembamo dzina lokha.